Kalata Ziwiri za Nungu

Kudambo la Kamphande kunali Nungu ndi Nkhanga, abwenzi a ponda apa nane m'pondepo, ndipo onse awiri ankajambula zithunzi. Ankajambula pachiwondo, nsalu ija ya khungwa la mtengo, ndipo utoto wawo unali katondo, makala, dothi loyera ndi madzi a masamba osinja. Utotowo ankausakaniza ndi utomoni kuti ukauma usachokenso. Chimene chinadzawasokoneza awiriwa chinali khoma limodzi lokha.

Khomalo linali m'phanga lalikulu momwe nyama zonse zinkausamo mvula. Chaka chilichonse, mvula isanayambe, ankapachikapo chithunzi chimodzi choti nyama ziziyang'ana dzinja lonse podikira kuti mvula ikate. Mmisiri aliyense ankaloledwa kubweretsa chithunzi chimodzi basi, ndipo nyama iliyonse inkaika mwala patsogolo pa chithunzi chomwe yakonda. Zaka zinayi zotsatizana miyala inaunjikana kwa Nungu, mpaka iye anazolowera kulitchula khomalo kuti "panga paja".

Tisamunamizire Nungu, luso anali nalo, ndipo diso lake silinkaphonya. Akayang'ana chithunzi ankadziwa pamene chagwira ndi pamene chatsimphina, ndipo ankatha kuzifotokoza bwino osamuswa mtima mwini wake. Vuto lake linali nsanje. Wina akayamikiridwa iye ali pomwepo, minga yakumsana kwake inkadzuka yokha, iye akumwetulira ndithu.

Nkhanga anaphunzira kujambula kwa Nungu yemweyo zaka zitatu zapitazo. Chaka chimenechi anajambula zithunzi zisanu, nasowa choti apite nacho kuphanga. Anayamba wakafunsa Gulo, buluzi wamutu wabuluu uja, koma Gulo anagwedezera mutu chithunzi choyamba, chachiwiri, mpaka chachisanu, nati zonse n'zokongola zedi. Nkhanga anabwerako monga anapitira.

Choncho m'mawa wina anakulunga ziwondo zake zisanu, ulendo wa kwa Nungu.

"Achimwene, mundisanjire zithunzizi kuyambira chopambana mpaka chotsalira," anatero Nkhanga. "Koma musandiuze pakamwa. Mukundidziwa ine, mukangoyamba kulankhula ndikudulani mawu, ndiyamba kudziteteza, ndipo sindimva kanthu. Mundilembere kalata, ndikawerenge ndekha mtima uli pansi."

"Nanga ndikanena zowawa, achemwali?"

"Zowawazo ndiye ndadzera. Zotsekemera ndazimva kale kwa Gulo."

Nungu anavomera, ndipo anavomera ndi mtima woona, poti anali asanatsegule mtolowo. Anamuuza mnzakeyo kuti amupatse masiku awiri. Panali patatsala masiku asanu ndi limodzi kuti apite nazo zithunzi kuphanga.

Ntchito imeneyi Nungu anali ndi njira yake yoigwirira. Anayala zithunzi zonse zisanu pamthunzi wa mtengo wa muwanga, kuti dzuwa lisakometse china n'kunyazitsa china. Anaziyang'ana ali patali, kenako ali pafupi, osalemba kanthu. Pa chithunzi chilichonse ankadzifunsa kuti diso likuyambira pati, likukathera pati, ndipo mumtima mukutsala chiyani ukayang'ana kumbali.

Choyamba kuchiona chinali cha njovu zikumwa madzi, chachiwiri cha mbalame zambirimbiri mumtengo wa mkuyu. Panalinso cha utawaleza pamwamba pa phiri, ndi cha nkhope ya malemu mayi ake a Nkhanga. Zinayi zimenezi Nungu anaziona mtima uli m'malo, akung'ung'udza kanyimbo. Anali ataona kale zoti akonze pa chilichonse, ndipo zinkamukomera kuti iye akadali mphunzitsi.

Atafika pa chachisanu, kanyimbo kaja kanatha. Chinali chithunzi cha dambo litangopsa ndi moto. M'munsi munali mizere yochepa ya makala, ziputu zakuda za udzu, ndipo kumwamba konse chiwondo chinasiyidwa chopanda utoto, mbee ngati utsi wotsalira. Pakona yakumanzere panali kamsipu kamodzi kobiriwira, kakang'ono ngati munga.

Nungu anaimirira pamenepo nthawi yaitali. Anamva fungo la lupsa m'mphuno mwake, chonsecho panalibe moto. Kenako anamva minga yakumsana ikudzuka umodzi umodzi. Iye pa zaka zake zonse anali asanajambulepo chinthu chotero, ndipo anadziwa kuti sadzachijambula.

Anayesa kuchita monga mwa nthawi zonse, kuzifanizira ziwiriziwiri. Anaika dambo pambali pa njovu, dambo linapambana. Analiika pambali pa mkuyu, pa utawaleza, pa nkhope ija, ndipo paliponse linapambana mosavuta. Pomaliza anachita chimene sanapemphedwe: analowa m'nyumba, natulutsa chithunzi chake cha mathithi chomwe ankafuna kupita nacho kuphanga, nachiika pambali pa dambolo.

Mathithi ake anali okongola, sitikana. Madzi ankaoneka ngati akugwadi, ndipo mwala uliwonse unali pamalo pake. Koma pambali pa dambo la Nkhanga ankangooneka ngati munthu wolongolola ataima pafupi ndi munthu waulemu wake. Nungu anachibweza msanga m'nyumba, ndipo tsiku limenelo chinangwa chake sanachikhudze.

M'mawa mwake anaziyalanso, poganiza kuti mwina maso anamunamiza dzulo. Dambo linali pomwepo, ndipo linali litakongola kuposa dzulo. "Mwana wa dzulodzuloyu," anadziyankhulira yekha. "Kusakaniza utomoni ndinamuphunzitsa ndine, kugwira kamtengo ndine, lero akandichotse pakhoma panga?" Anazula munga umodzi kumsana, nauviika m'madzi a makala, nayamba kulemba pa tsamba louma la nthochi.

Kalatayo inayamba bwino, ndipo ndikupatsani mmene inalili, chifukwa mbali yake yaikulu inali ntchito ya mmisiri weniweni.

"Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ndaziyang'ana masiku awiri. Kumbukirani kuti ndikufanizira zithunzi zanu ndi zinzake zanu zomwe, ndiye chimene chili kumapeto sindiye kuti n'choipa, changotsalira pa zinzake. Awa ndi maso anga, chosankha n'chanu.

"Choyamba ndaika njovu. Mwakhoza kwambiri mthunzi wa chitamba m'madzi, moti diso limatsika nacho mpaka kukamwa nawo. Chokonza n'chimodzi: mtengo umene uli kumbuyo ukuoneka ngati wamera pamutu pa njovu yaikuluyo. Mukaika kamzere ka dothi loyera pakati pa mutu ndi mtengo, zisiyana.

"Chachiwiri ndi mkuyu. Mbalame iliyonse payokha ndi yamoyo, makamaka pumbwa amene wapendeketsa mutu uja. Koma zonse n'zofanana kukula ndi kuwala, ndiye diso likusowa poyambira. Sankhani imodzi ikhale mwini chithunzi, zinazo muzizimitseko pang'ono ndi phulusa.

"Chachitatu ndi utawaleza. Phirilo lakhala pansi molimba, lili ndi kulemera kwake. Utawalezawo ndi umene wada, chifukwa munapaka utoto wachiwiri woyamba usanaume, mitundu n'kulowerana. Ulendo wina muzidikira mtundu umodzi uume musanaike unzake."

Pa nkhope ya mayi aja Nungu anaima kaye, podziwa kuti apa m'pachilonda. Chithunzicho chinali chofooka kuposa zonse, koma n'chimene Nkhanga ankachikonda kwambiri. Anayesa mawu angapo mumtima asanalembe, ndipo amene anasankha anali awa.

"Chachinayi ndi nkhope ya mayi. Mmene mwaweramitsira khosi ndi mmene ankaweramira iwo akamatimvetsera, ndinawazindikira nthawi yomweyo. Maso ndi amene sanafanane, lakumanja lakwera kuposa linzake, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chojambula za pamtima popanda woyang'anapo. Ichi musapite nacho kuphanga, kumene adzachiona ndi maso ouma. Chisungeni kunyumba, ndipo mukafuna kuchijambulanso, pemphani mng'ono wanu akhale patsogolo panu, poti nkhope yake ndi yomweyo."

Mwaona kalata yabwino mmene imakhalira. Paliponse anayamba ndi chimene chagwira, nachiloza ndi chala kuti n'chakuti, pamalo pakuti. Cholakwika ankatchula chimodzi chokha, chachikulu, osati mulu wonse, ndipo ankanena za chithunzi, osati za mwini wake. Koposa zonse, Nungu anali ndi lamulo lake limene sankaliphwanya: sankatchula cholakwika osanena njira yochikonzera.

Tsopano panatsala dambo, limene analikankhira kumapeto. Nungu anafunafuna cholakwika, osachipeza. Anaviika munga, madzi a makala anauma, anauviikanso. Kenako nsanje inamugwira dzanja, ndipo analemba ndi ulemu womwe uja, ndi kukoma mtima komwe kuja.

"Chachisanu ndi dambo. Kamsipuko n'kokongola. Koma chithunzichi chikuoneka chosatha, kumwambaku kuli mbee ngati utoto unakutherani."

Akanalekera pomwepo bwenzi zili nkhani zina. Koma dzanja linali litazolowera lamulo lija, ndipo cholakwika chopanda mankhwala chinkaoneka chamaliseche pakati pa zinzake. Ankaopanso kuti Nkhanga angadabwe. Choncho anawonjezera mzere umodzi: "Mukadzaza malowo ndi madontho oyera, amene inu mumawatha kuposa tonsefe, chidzadzuka."

Anadziuza kuti palibe chimene waononga. Chithunzi cha kumapeto ndani angataye nacho nthawi? Nkhanga adzachikulunga, adzachiika kudenga, adzapita ndi njovu kuphanga, ndipo njovu sizingapose mathithi. Anakapereka kalata ndi ziwondo zija, ndipo Nkhanga anazilandira ndi manja awiri.

Panapita masiku awiri Nungu akupewa njira ya kwa mnzakeyo. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, Gulo anadutsa pakhomo pake, naona mathithi aja atayanikidwa. Anagwedeza mutu monga mwa chizolowezi chake, nati n'chokongola zedi. Kenako anayamba kusimba za kwa Nkhanga, kumene ankachokera.

Anati Nkhanga wasangalala nayo kalata ija moti waiwerenga kasanu. Mtengo wausiyanitsa kale ndi mutu wa njovu, mbalame zija wazizimitsa n'kusiya pumbwa yekha, ndipo mng'ono wake wamuitanitsa kuti adzakhale patsogolo pake. Akutsata mzere ndi mzere, osadumpha. "Lero ndiye wasinja dothi loyera lodzaza chipanda," anatero Gulo. "Akuti latsala dambo."

Nungu anamva ngati wamenyedwa ndi chibonga pachifuwa. Chimene anafuna iye n'choti dambolo libisike chaka chimodzi, osati life. Anazula munga wina mwaphuma mpaka magazi kutuluka, nalemba kalata yachiwiri ali chiimire. Inali yaifupi, ndipo inali yoona yonse.

"Achemwali, ndinakunamizani. Dambo ndi loyamba, ndipo zinazo zili kutali. Malo opanda utotowo ndiwo mtima wa chithunzicho: diso limayendayenda m'menemo kusowa pogwira, ngati nyama yobwerera kwawo moto utadutsa, ndiye likapeza kamsipu kaja mtima umagunda. Palibe chokonza, musachikhudze. Ndinachiika kumapeto chifukwa chaposa changa, ndipo ndinachita nsanje."

Nungu si nyama yothamanga, koma tsiku limenelo anathamanga, minga ili wayawaya. Anapeza Nkhanga atakhala pabwalo, chiwondo chili pansi, kamtengo kopakira kali kukamwa. Kumwamba konse kwa dambo kunali madontho oyera, okongola, ondondozana bwino, mazanamazana. Kamsipu kaja kanalipo, koma ukanati ukapeze unayenera kuchita kukafunafuna.

"Mwafika bwino, achimwene," anatero Nkhanga mokondwa. "Ndangomaliza kumene. Kaya chadzuka monga munanenera?"

Nungu anagwira dontho limodzi ndi chala, napeza utomoni utauma kale gwa. Anapereka kalata ija, naima pambali maso ali pansi. Nkhanga, amene sankatha kukhala chete ngakhale pamaliro, anawerenga mpaka kumapeto osatulutsa liwu, nabwerezanso.

"Ndinkadziwa," anatero potsiriza pake, motsitsa mawu. "Tsiku limene ndinachimaliza, ndinadziwa kuti ichi ndiye changa chenicheni. Kalata yanu itabwera ndinalira, kenako ndinati maso a achimwene ndi akuluakulu, anga ndi a dzulo. Dontho lililonse ndimaika mtima ukukana."

Nungu anapepesa, napepesanso. Anati afufute madonthowo ndi mwala, koma onse awiri ankadziwa kuti chiwondo chingang'ambike. Anati ajambule china chonga chomwecho, iye amusinjira makala, koma Nkhanga anapukusa mutu. Anati dambo lija analijambula m'mawa umene anapeza chisa chake chitapsa, ndipo m'mawa umenewo sungabwerenso.

Kenako Nkhanga analowa m'nyumba, natulutsa kalata yoyamba ija, yomwe inali itafewa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anaiyala pambali pa yachiwiri.

"Ndiuzeni, achimwene. Za njovu, za mkuyu, za utawaleza, za mayi anga, zoona ndi ziti?"

"Zonsezo n'zoona, achemwali. Ndikulumbira. Bodza ndi limodzi lokha."

"Ndidziwa bwanji? Zonse munalemba ndi munga umodzi, ndi mawu okoma omwewo. Bodzalo silinkamveka mosiyana ndi zinzake."

Malangizo anayi aja anali abwino, ndipo zithunzi zimene Nkhanga anali atazikonza zinali zitakongoladi chifukwa cha iwo. Koma Nkhanga akayang'ana kamzere koyera pamutu pa njovu, ankadzifunsa ngati nakonso sikanali msampha. Anakulunga ziwondo zonse zisanu, nazikweza kudenga.

Tsiku la miyala litafika, Nkhanga sanabweretse chithunzi. Nyama zitamufunsa anangoti chaka chino sanakonzeke, ndipo za makalata aja sanauze aliyense. Miyala inaunjikana kwa Nungu kachisanu, ndipo mathithi anapachikidwa pakhoma. Minga yake tsiku limenelo inagona pansi yonse, poti panalibe womuchitira nsanje.

Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri, ndipo nyama zinakhalitsa m'phanga. Zinkayamikira mathithi, zina n'kumati Nungu alibe mnzake pa dambo lonse. Iye akakweza maso pakhomapo sankaona mathithi, ankaona dambo lopsa ndi kamsipu kamodzi, chithunzi chimene anachiona bwino ndi iye yekha ndi mwini wake. Dzinja lonse anakhala chofulatira khoma lake.

Nkhanga sanadane naye. Ankapatsana moni, ankafunsana za kunyumba, ndipo Nungu atadwala chifuwa Nkhanga anamupititsira mankhwala. Chilimwe chitafika Nkhanga anayambanso kujambula, ndipo Nungu anasunga munga wake wabwino koposa, kudikira tsiku loti alembe kalata yoona kuyambira pamwamba mpaka pansi.

M'mawa wina anamuona akubwera m'njira, mtolo wa ziwondo uli kukhwapa. Nungu anathamangira kukasesa pansi pa muwanga paja. Nkhanga anafika, napereka moni mwaulemu, napitirira.

"Mwalowera kuti ndi zithunzizo, achemwali?"

"Kwa Gulo."

"Gulo? Uja amagwedezera mutu chilichonse? Sakuuzani kanthu ameneyo."

"Ndikudziwa," anatero Nkhanga. "Koma iye akagwedeza mutu, ndimadziwa kuti palibe chimene wanena."

Nungu anatsala ataima pansi pa muwanga, tsache lili m'manja, akuyang'ana mtolo uja ukulowera kwa Gulo.

Phunziro: Mnzako akakupatsa ntchito ya manja ake kuti uiweruze, wakubwereka maso ako, ndipo adzawakhulupirira kuposa ake. Muuze chabwino pochitchula, muuze chofooka pomusonyeza kakonzedwe, ndipo pamene wakuposa, nena kuti wakuposa. Mawu okoma obisa nsanje amaononga kuposa mawu aukali, ndipo bodza limodzi limachotsa mphamvu zoona zonse zimene unalemba pambali pake.